Kodi Woyamba Kupisa Dzanja M'chipewa Amaposa Anzake Mwayi?

Zinthu zikachepa anthu ali ambiri, mayere ndiwo amaweruza. Tinene kuti kalabu ya alimi yalandira mbuzi zitatu pomwe mamembala alipo khumi. Mlembi amang'amba timapepala khumi, n'kulemba mawu oti "mbuzi" pa titatu, tinato n'kutisiya topanda kanthu. Akatipinda amatiponya m'chipewa n'kukhutchumula. Mkangano umabuka chipewa chisanayambe n'kuyenda komwe. Ena amalimbirana kutola koyamba, ati mbuzi zonse zikadali momwemo. Ena amazengereza dala kuti timapepala topanda kanthu tiyambe tachepa. Wodandaula kwambiri ndi uja amuika kumapeto, poti amaona ngati anzake amusiyira zotsalira.

Onsewa pali choona chimodzi chomwe agwira: munthu akatola kapepala osakabwezera, chipewa sichikhalanso momwe chinalili. Chomwe sanachifufuze n'chakuti kusinthako kumakomera yani. Masamu ali ndi njira yoyankhira funsoli, ndipo ndi yojambula. Amaitcha chithunzi cha mtengo. Ophunzira a sekondale amakumana nayo pokonzekera mayeso a MSCE, koma aliyense wodziwa kuchulukitsa ndi kuphatikiza angathe kuitsata ali ndi pensulo m'manja.

Tiyambe ndi munthu woyamba. Mwayi timaulemba ngati fulakishoni. Pansi timaika chiwerengero cha timapepala tonse tomwe dzanja lingagwire, pamwamba timaika chiwerengero cha tomwe munthu akutifuna. M'chipewa muli timapepala 10, ta mbuzi ndi 3, choncho mwayi woti woyamba apate mbuzi ndi 3/10. Mwayi woti atole kopanda kanthu ndi 7/10. Izi sizikulonjeza chomwe chichitike lero. Zikungotanthauza kuti mayere otere atachitika kambirimbiri, woyamba angapate mbuzi pafupifupi katatu pa maulendo khumi alionse.

Pa pepala, ikani kadontho kumanzere. Kuchokera pamenepo jambulani mizere iwiri yopatukana, wina wokwera wina wotsika. Imeneyi ndiyo nthambi zoyamba. Pa yokwera lembani "mbuzi" ndi 3/10, pa yotsika lembani "palibe" ndi 7/10. Gawo loyamba latha.

Gawo lachiwiri ndilo lofuna kufatsa, chifukwa munthu wachiwiri sapeza chipewa chimodzimodzi pa nthambi ziwirizi. Imani kumapeto kwa nthambi yokwera, komwe woyamba wapata mbuzi, musuzumire m'chipewa. Mwatsala timapepala 9, ta mbuzi ndi 2, topanda kanthu tikadali 7. Mwayi wa wachiwiri pamenepo ndi 2/9 wopata ndi 7/9 wosapata. Tsopano tsikirani kumapeto kwa nthambi inayo, komwe woyamba watola kopanda kanthu. Mwatsalanso timapepala 9, koma ta mbuzi tilipo tonse titatu, topanda kanthu ndi 6. Apa mwayi wa wachiwiri ndi 3/9 wopata ndi 6/9 wosapata. Nthambi iliyonse yaphuka nthambi ziwiri, ndipo mtengo wonse ukuoneka chonchi:

```
Woyamba          Wachiwiri       Njira yonse
mbuzi  3/10 ─┬─ mbuzi  2/9  →   6/90
             └─ palibe 7/9  →  21/90
palibe 7/10 ─┬─ mbuzi  3/9  →  21/90
             └─ palibe 6/9  →  42/90
```

Manambala a pakatiwo, 2/9 ndi 3/9 ndi anzawo, ndiwo mtima wa nkhani yonse. Iliyonse ndi mwayi wodalira chomwe chachitika kale. Sinena kuti "mwayi wa wachiwiri ndi wakuti" basi, imanena kuti "ngati woyamba wapata, mwayi wa wachiwiri ndi wakuti". M'mabuku a masamu amalemba P(B|A), ndipo kamzere koimirira pakatipo mukawerenge kuti "podziwa kuti". Ngati A ndi kupata kwa woyamba, B n'kukhala kupata kwa wachiwiri, ndiye kuti P(B|A) = 2/9.

Chifukwa chake timachulukitsa

Manambala a kumanja apezeka pochulukitsa a m'njira imodzi: 3/10 × 2/9 = 6/90, kenako 3/10 × 7/9 = 21/90, mpaka njira zonse zinayi. Ophunzira ambiri amangoloweza kuti potsata nthambi timachulukitsa. Ine ndimakonda kuti munthu aone chifukwa chake, poti lamulo longoloweza limathawa m'mutu pa nthawi yomwe ukulifuna.

Yerekezani kuti makalabu 90 akuchita mayere omwewa tsiku limodzi, ndipo zinthu zagwa ndendende monga mwa mwayi wake. M'makalabu atatu pa khumi alionse woyamba wapata mbuzi, kutanthauza makalabu 27. M'makalabu 63 otsalawo sanapate. Tsopano tengani 27 aja okha. Mwa amenewa, wachiwiri amapata m'makalabu awiri pa 9 alionse, ndiye kuti m'makalabu 6, ndipo mu 21 sapata. Bwererani ku 63 aja. Kumeneko wachiwiri amapata m'makalabu atatu pa 9 alionse, ndiye kuti mu 21, ndipo mu 42 sapata. Manambala 6, 21, 21 ndi 42 ndi omwe aja ali kumanja kwa mtengo. Kuchulukitsa kuja n'kungotenga gawo la gawo: mwachotsa kagulu pa gulu lonse, kenako mwachotsanso kagulu kena m'kagulu komweko.

Nambala 90 sinachokere kumwamba. Woyamba angatole kapepala kalikonse mwa 10, wachiwiri kalikonse mwa 9 totsala, choncho pali njira 10 × 9 zomwe timapepala tiwiri tingatulukire, zonse za mwayi wofanana. Kuwerenga njira zonse motere ndi komwe Pierre de Fermat adachita m'chaka cha 1654, pomwe ankalemberana makalata ndi Blaise Pascal ku France. Iwo ankafuna kudziwa momwe otchova juga angagawanire ndalama masewera akalekezera panjira, ndipo makalata amenewo ndiwo amatengedwa ngati chiyambi cha masamu a mwayi.

Tsono wachiwiri uja

Tafika pa funso lomwe linayambitsa mkangano. Chipewa chisanayende, mwayi woti wachiwiri apate mbuzi ndi wotani? Yang'anani njira zonse zomwe zikuthera pa "mbuzi" ya wachiwiri. Zilipo ziwiri. Angapate woyamba atapatanso, yomwe ndi 6/90, kapena angapate woyamba atalephera, yomwe ndi 21/90. Njira ziwirizi sizingachitike pamodzi, n'chifukwa chake timaziphatikiza: 6/90 + 21/90 = 27/90. Mukagawa pamwamba ndi pansi ndi 9 mupeza 3/10.

Mwayi wa wachiwiri ndi wofanana ndendende ndi wa woyamba. Wolimbirana kutsogola ananena zoona kuti woyamba akapata, wachiwiri amatsika kufika pa 2/9. Wozengereza naye ananena zoona kuti woyamba akalephera, wachiwiri amakwera kufika pa 3/9. Kutsikako n'kwakukulu kuposa kukwerako, koma kumachitika katatu kokha pa khumi, pomwe kukwera kumachitika kasanu n'kawiri. Ziwirizi zimafafanizana popanda chotsala.

Mutajambula gawo lachitatu mupeza kuti wachitatu nayenso ali pa 3/10, ndipo zimakhala choncho mpaka wa khumi, ngakhale kuti iye sasankha kanthu, amangotenga komwe katsala. Chifukwa chake n'chakuti kapepala kalikonse mwa khumi kangathe kukhala kotsalira, ndipo titatu mwa ito ndi ta mbuzi. Wotsiriza sanaponderezedwe.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amamva ngati aponderezedwa? N'chifukwa chotsegula timapepala pomwepo. Woyamba akangotambasula kake anthu onse akuona, aliyense wadziwa chinthu chatsopano, ndipo mwayi wa onse asanu ndi anayi otsala umasuntha limodzi, kaya kutsikira pa 2/9 kaya kukwerera pa 3/9. Nthawi zina atatu oyamba amatenga mbuzi zonse, enawo n'kumangopisa manja m'chipewa akudziwa kale kuti mulibe kanthu. Mwayi wa zimenezi ndi 3/10 × 2/9 × 1/8, womwe ndi 1/120. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapweteka, ndipo anthu saziiwala. Komiti yofuna mtendere imauza onse kuti afumbate timapepala tawo mpaka wotsiriza atatola, kenako atsegule limodzi. Chilungamo cha mayere sichisintha pa njira ziwirizi, chomwe chimachepa ndi madandaulo.

Pali chinthu china chomwe chimaonongadi mayere, ndipo mtengo wathu sungachione. Kuwerenga konseku kwatsamira pa mfundo yoti dzanja silingasiyanitse timapepala. Ngati ta mbuzi tang'ambidwa pa pepala lokhuthala, kapena tapindidwa kawiri pomwe tinato tapindidwa kanayi, kapena inki ikuonekera kunja, 3/10 uja wagwa. Pamenepo wotsogola wochenjera amadyeradi anzake. Mphamvu zomwe anthu amatayira pokangana za ndani ayambe zikadapita pa kuonetsetsa kuti timapepala n'tofanana kukula, tapindidwa mofanana, takhutchumulidwa bwino, ndipo wotola sakusuzumira.

Pomwe anthu amaphonya

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuiwala kuti kapepala sikanabwezedwe. Munthu amalemba 3/10 pa gawo loyamba n'kulembanso 3/10 pa lachiwiri, n'kupeza kuti mwayi woti onse awiri apate ndi 9/100. Yankho loona ndi 6/90. Pa makalabu 900, loyambalo likunena 81 pomwe loona likunena 60. Cholakwachi n'chobisika, chifukwa njira zinayi za mtengo wolakwikawo zimakwanabe 1 mukaziphatikiza. Mtengowo ndi woona, koma ukuyankha funso lina, la mayere omwe kapepala kamabwezedwa m'chipewa munthu wina asanatole. Chochizindikirira ndi nambala ya pansi. Ngati chinthu sichikubwezedwa, nambala imeneyi iyenera kutsika ndi 1 pa gawo lililonse.

Ena amakumbukira kutsitsa ya pansi koma n'kuiwala ya pamwamba. Woyamba atapata, iwo amalemba 3/9 ndi 7/9. Ichi n'chosavuta kuchigwira. Nthambi zonse zochokera pa mfundo imodzi ziyenera kukwana 1 zikaphatikizidwa, chifukwa chimodzi mwa izo chiyenera kuchitika basi. Koma 3/9 + 7/9 ndi 10/9, ngati kuti m'chipewa cha timapepala 9 muli timapepala 10. Yesani motero pa mfundo iliyonse, kenako muyesenso kumapeto: 6 + 21 + 21 + 42 = 90. Apa pali langizo laling'ono lothandiza. Musafulumire kuchepetsa mafulakishoni a kumapeto. Mukasandutsa 6/90 kukhala 1/15 ndi 21/90 kukhala 7/30, mwadzivutitsa nokha pophatikiza. Asiyeni onse akhale pa 90 mpaka yankho lomaliza.

Chinanso ndi kusiya njira. Funso likati "mwayi woti mmodzi yekha mwa awiriwa apate", ambiri amaona njira yoti woyamba wapata wachiwiri walephera, n'kuyankha 21/90. Aiwala njira yotembenuza. Yankho ndi 42/90, kapena 7/15.

Kuwerenga mtengo chobwerera m'mbuyo

Gawo ili ndilo limandikoka mtima kwambiri, ndipo ndi lomwe anthu amalikana poyamba. Tinene kuti awiri atola. Woyamba wafumbata kake osatsegula, koma wachiwiri watsegula ndipo wapata mbuzi. Kodi mwayi woti woyamba ali ndi mbuzi m'dzanja ndi wotani tsopano?

Ambiri amati ukadali 3/10. Amati woyamba anatola chipewa chili chodzaza, ndipo chomwe chachitika pambuyo sichingasinthe chomwe chinachitika kale. N'zoona kuti kapepala kali m'dzanja lake sikasintha. Koma fulakishoni sikuyeza kapepala, ikuyeza zomwe ife tikudziwa za iko, ndipo ife tadziwa zambiri kuposa kale. Kuti muone bwino, ganizirani kuti mbuzi inali imodzi yokha. Wachiwiri akaitola, mwayi wa woyamba ndi 0, ngakhale anatola poyamba.

Pa mtengo timachita chonchi. Nkhani yomwe tamva yadula njira ziwiri, zija zomwe wachiwiri salandira kanthu. Pa makalabu 90 aja tatsala ndi 27, omwe ndi 6 ndi 21. Mwa 27 amenewa, woyamba ali ndi mbuzi mu 6 okha. Mwayi wake ndi 6/27, womwe ndi 2/9. Lamulo lake amalilemba motere: P(A|B) = P(A ∩ B) / P(B). M'mawu wamba, tengani njira yomwe zonse ziwiri zachitika, muigawe ndi njira zonse zomwe zikugwirizana ndi chomwe mwamva. Kuganiza chobwerera kotereku kumadziwika ndi dzina la Thomas Bayes, m'busa wa ku England yemwe adamwalira mu 1761. Zolemba zake pa nkhaniyi adazitulutsa ndi mnzake Richard Price mu 1763.

Chomwe mwamvacho chiyenera kumveka bwino, chifukwa nkhani ziwiri zooneka zofanana zimapereka mayankho osiyana. Tinene kuti otola awiri oyambawo ndi mayi ndi mwana wawo wamkazi a nyumba imodzi. Inu simunalipo, ndiye mwafunsa mlembi kuti, "Kodi pa awiri aja alipo amene wapata?" Iye wangoti, "Eya, alipo." Mwayi woti apata onse awiri ndi wotani? Yankho la mlembi ladula njira imodzi yokha, ya 42 ija yomwe onse alephera. Tatsala ndi 6 + 21 + 21, omwe ndi 48. Onse awiri apata mu 6 mwa 48, kutanthauza 1/8. Koma mukadafunsa kuti, "Kodi mayi aja apata?" n'kuyankhidwa kuti eya, mukadatsala ndi 27, ndipo mwayi woti mwana wawo wapatanso ukadakhala 2/9, pafupifupi kuwirikiza kawiri 1/8. Nyumba ndi yomweyo, chipewa ndi chomwecho, koma funso lachiwiri ladula njira zambiri kuposa loyamba.

Samalaninso kuti P(A|B) ndi P(B|A) si chinthu chimodzi. M'mayere athu zonse zinatuluka 2/9 chifukwa woyamba ndi wachiwiri ali ndi mwayi wofanana, koma nthawi zambiri zimasiyana kutali. Podziwa kuti alipo wapata, mwayi woti apata onse ndi 1/8. Podziwa kuti apata onse, mwayi woti alipo wapata ndi 1, palibe chokayikitsa.

Mazira awiri pa thileyi

Mtengo womwewu umagwira ntchito pomwe munthu akuyesa katundu pang'ono kuti adziwe za yense. Mayi wa geni ya zitumbuwa kapena makeke akugula thileyi ya mazira 30. Tinene kuti atatu mwa iwo ndi oola, iye osadziwa. Atola awiri mosasankha n'kuwaviika m'madzi, poti dzira lokhalitsa limayandama. Mwayi woti onse awiri apezeke abwino ndi wotani?

Loyamba kukhala labwino ndi 27/30. Likatuluka labwino, patsala mazira 29, abwino 26, choncho lachiwiri ndi 26/29. Njira yonse ndi 27/30 × 26/29 = 702/870, pafupifupi 81 pa 100. Kuti mupeze mwayi wogwira dzira loola ngakhale limodzi, simufunika kuphatikiza njira zitatu zinazo. Chotsani 702 pa 870, mutsala ndi 168/870, pafupifupi 19 pa 100. Ndiye kuti thileyi yomwe dzira limodzi pa khumi alionse ndi loola imapulumuka mayeso a mazira awiri kanayi pa kasanu. Mazira awiri abwino amakhazika mtima pansi, koma umboni wake ndi wochepa kwambiri.

Onaninso china. Mukadaiwala zoti dzira silibwezedwa n'kuchulukitsa 27/30 × 27/30, mukadapeza 81 pa 100 ndendende, pomwe yankho loona ndi 80.7 pa 100. Kusiyana kwake n'kochepa, pomwe m'chipewa muja kunali 81 ndi 60. Zifukwa zake ndi ziwiri. Mulu ukakula, kuchotsapo chinthu chimodzi sikuusintha kwenikweni. Ndiponso apa tikutsata mazira abwino omwe ndi ochuluka, pomwe kuja tinkatsata timapepala titatu tokha, ndipo kuchotsa kamodzi pa titatu n'kuchotsa gawo lalikulu. Mutafunsa za mwayi woti mazira onse awiri akhale oola, kusiyana kubwereranso: 3/30 × 2/29 ndi pafupifupi 7 pa 1,000, pomwe kuiwala kubwezera kuja kungakupatseni 10 pa 1,000. Pa thumba la chimanga lomwe muli njere zikwi zambiri, kubwezera kapena kusabwezera njere imodzi sikuoneka n'komwe m'yankho.

Mayi uja akafuna kutsimikiza kwambiri angayese dzira lachitatu. Mtengo umaphuka gawo lina, ndipo njira ya mazira abwino okhaokha imakhala 27/30 × 26/29 × 25/28, pafupifupi 72 pa 100. Mwayi wogwira loola wakwera kuchoka pa 19 kufika pa 28 pa 100. Kuti mwayiwu upitirire theka, ayenera kuviika mazira asanu ndi limodzi, ndipo atole m'malo osiyanasiyana a thileyi, osati pamzere umodzi womwe wogulitsa wamulozera.